Nambala ya 4:15 ndi masiku amene belu silidziwa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mkulu wa banki ya J.P. Morgan ku New York, a Dennis Weatherstone, ankafuna kuti tsiku lililonse nthawi ikakwana 4:15 madzulo, msika utangotsekedwa, pa tebulo pawo pafike pepala limodzi lokha. Banki yawo inali ndi anthu ogula ndi kugulitsa masheya, mabondi ndi ndalama za mayiko m'mizinda yambiri, aliyense ndi malipoti ake okhuthala. Mkuluyu sankafuna mulu wa mapepala. Funso lake linali lalifupi: mawa zikativuta, tingataye ndalama zingati?

Yankho la pa pepalalo ndi limene mabanki lero amalilemba ndi zilembo zitatu, VaR, kutanthauza ndalama zomwe zili pachiswe. Mu Okutobala 1994 bankiyo inatulutsa poyera njira yake yowerengera, pansi pa dzina loti RiskMetrics, ndipo mu 1996 komiti ya ku Basel, imene imakonza malamulo a mabanki akuluakulu, inalola kuti mabanki azigwiritsa ntchito VaR podziwa ndalama zoyenera kusunga padera zodzitetezera.

Nambalayi imanenedwa ndi zinthu zitatu pamodzi: kuchuluka kwa ndalama, kutalika kwa nthawi, ndi mwayi. Munthu akati VaR ya tsiku limodzi pa 99 peresenti ndi $160,000, akunena kuti pa masiku 100 alionse, masiku 99 zotayika sizipitirira $160,000. Latsala tsiku limodzi. Za tsikulo nambalayi imangoti lidzapitirira, basi. Zili ngati mzere wolembedwa pa mzati wa mlatho, wonena kuti madzi amadutsa apa kamodzikamodzi. Kaya akadutsa amangonyambita mzerewo, kaya amakokolola mlatho ndi midzi yomwe, mzerewo uli duu.

Tiyeni tiiwerengere limodzi, chifukwa pofooka pake pamaonekera m'masamu momwemo.

Tiyerekeze thumba la ndalama za penshoni ku America lili ndi $10 miliyoni. Mwa izi, $6 miliyoni zili m'masheya amene amayenda ngati S&P 500, muyeso wa makampani akuluakulu 500 a m'dzikolo, ndipo $4 miliyoni zili m'mabondi a makampani. Woyang'anira thumbalo amayamba watenga mitengo ya masiku 250 apitawo, omwe ndi pafupifupi chaka chimodzi cha malonda, n'kuona kuti pa tsiku wamba mtengo umagwedezeka motani, kukwera kapena kutsika. Muyeso wa kugwedezeka kumeneku amautcha sigima, dzina la chilembo cha Chigiriki. Tinene kuti wapeza sigima ya masheya ndi 1 peresenti pa tsiku, ya mabondi ndi theka la peresenti. M'ndalama ndiye kuti masheya amagwedezeka ndi $60,000 pa tsiku wamba, mabondi ndi $20,000.

Munthu angafulumire kuphatikiza n'kupeza $80,000. Koma masheya ndi mabondi sagwa tsiku limodzi nthawi zonse. Lero masheya atsika pomwe mabondi angokhala, mawa mabondi atsika masheya akukwera. Pali nambala yachitatu yoyesa kuyendera limodzi kumeneku: ikakhala 1 ndiye kuti awiriwa amaponda mofanana ngati ng'ombe za pa goli limodzi, ikakhala 0 aliyense amayenda yakeyake. Tiike 0.3. Powerengera m'masauzande a madola, masamu ake ndi awa:

```
60^2 + 20^2 + 2*0.3*60*20 = 4720
SQRT(4720)       = 68.7
NORM.S.INV(0.99) = 2.33
2.33 * 68.7      = 160
```

Sigima ya thumba lonse yatuluka $68,700 m'malo mwa $80,000. Kusiyana kwa $11,300 ndi mphoto ya kusaika chuma chonse pamalo amodzi. Mpaka apa palibe chonamizira. Tangofotokoza mmene mitengo inayendera chaka chathachi. Nkhani ili pa 2.33 ija. Kodi yachokera kuti?

Yachokera ku belu. Mukayeza kutalika kwa amuna 1,000 n'kujambula kuti ndi angati ali pa msinkhu uliwonse, chithunzicho chimaoneka ngati belu lovundikira pansi: ambiri aunjikana pakati, ochepa m'mbali, ndipo kumapeto kwenikweni, kumene akatswiri amati kumchira, kulibe munthu. Simudzakumana ndi mwamuna wotalika mamita asanu. Belu lili ndi masamu ake odziwika bwino. Limati zinthu 5 pa 100 zimagwa pansi kupitirira masigima 1.65 kuchokera pakati, ndipo chimodzi chokha pa 100 chimapitirira masigima 2.33. Tsono woyang'anira thumba uja akangovomera kuti kusintha kwa mitengo tsiku ndi tsiku kumatsata belu, ntchito yatha: achulukitse $68,700 ndi 2.33, apeze $160,000, alembe pa pepala, aweruke. Phindu loyembekezeka la tsiku limodzi ndi laling'ono kwambiri moti ambiri amangolitenga ngati 0. Akafuna ya masiku 10, monga ankafunira a ku Basel, amachulukitsa ndi 3.16, n'kupeza pafupifupi $506,000.

Tisaipeputse njirayi. Ndi yachangu, aliyense angathe kuibwereza n'kupeza yankho lomwelo, ndipo imathandiza mkulu kuyerekeza wogulitsa mabondi ku London ndi wogulitsa ndalama ku Tokyo pa sikelo imodzi. Pa masiku wamba imanenanso zoona ndithu.

Koma mukalifunsa belu za tsiku lotsala lija, limayankha modzidalira kwambiri. Limati pa masiku oipa amene adutsa mzere, avereji ya zotayika ndi masigima 2.67, zomwe pa thumba lathu ndi $183,000. Ndiye kuti madzi akadutsa mzere amangoupitirira pang'ono. Limatinso kugwa kwa masigima atatu kumabwera kamodzi pa zaka pafupifupi zitatu, kwa masigima anayi kamodzi pa zaka 126, kwa masigima asanu kamodzi pa zaka pafupifupi 14,000. Taonani mmene mchirawo ukuwondera msanga: mwangowonjezera sigima imodzi, zaka zalumpha kuchoka pa 126 kufika pa 14,000.

Tsopano tiliike thumba lathu m'mwezi wa Malichi 2020, mliri wa kolona utayamba kutseka mayiko. Lolemba pa 9 Malichi S&P 500 inagwa ndi 7.6 peresenti. Lachitatu pa 11 inagwa ndi 4.9, Lachinayi pa 12 ndi 9.5, ndipo Lolemba pa 16 ndi 12 peresenti. Msika wa ku New York uli ndi lamulo loti mitengo ikagwa ndi 7 peresenti malonda aime kwa mphindi 15 kuti anthu apume. Lamuloli linagwira ntchito pa 9, pa 12, pa 16 ndi pa 18, kanayi m'masiku 10.

Kuti thumba lathu lidutse mzere wa $160,000, zikungofunika kuti masheya agwe ndi pafupifupi 2.7 peresenti mabondi asanasunthe n'komwe. Belu linalonjeza kuti zotere zichitika kawiri kapena katatu pa chaka. Apa zinachitika kanayi m'masiku asanu ndi atatu. Ndipo amene anali ndi masheya a $6 miliyoni m'mawa wa pa 16 Malichi anagona atataya $720,000, kuchulukitsa VaR ija kanayi ndi theka. Poyesa ndi sigima ya thumba lathu, amenewo ndi masigima oposa 10. Masamu a belu amati tsiku lotere silingaoneke ngakhale msika ukanatsegulidwa pachiyambi pa dziko. Komatu akuluakulu a pamsikapo anali ataona kale loposa limeneli: pa 19 Okutobala 1987 S&P 500 inagwa ndi 20.5 peresenti tsiku limodzi, zomwe pa thumba lathu ndi $1,230,000.

Mu Ogasiti 2007 mkulu wa zachuma ku Goldman Sachs, a David Viniar, anauza nyuzipepala ya Financial Times kuti ankaona mitengo ikusuntha ndi masigima 25, masiku angapo motsatizana. Mawuwa amatchulidwabe mpaka lero, ndipo ambiri amaseka. Ine ndimawamva ngati kuvomereza kosadziwa. Sikelo ikakuuzani kuti nkhuku ikulemera makilogalamu 400, simuitana anthu kudzaona nkhukuyo, mumakayikira sikelo.

N'chifukwa chiyani belu limakwanira pa kutalika kwa anthu koma n'kulephera pamsika? Belu limabadwa pamene tinthu tambirimbiri tating'ono, tosadalirana, taphatikizana, tina kukokera uku tina uko, n'kumafafanizana. Pa tsiku wamba msika umakhaladi choncho. Wina akugulitsa masheya kuti alipire sukulu ya mwana, wina akugula chifukwa walandira penshoni, ndipo sadziwana. Koma mantha akalowa kusadalirana kuja kumatha. Aliyense amayang'ana mnzake. Amene anagula ndi ngongole amaimbiridwa foni ndi wobwereketsa kuti awonjezere chikole lero lomwe, ndipo popeza alibe ndalama m'manja amagulitsa. Kugulitsako kumatsitsanso mtengo, foni n'kulira kwa wina. Ogula amabisala, moti wogulitsa amalandira mtengo uliwonse umene wapezeka. Choseketsa n'chakuti VaR yomwe imasonkhezera moto: mitengo ikagwedezeka sigima imakwera, VaR imadutsa malire amene banki inaika, ndipo woyang'anira amalamulidwa kuchepetsa katundu. Mabanki ambiri akamagwiritsa ntchito masamu ofanana, lamulo logulitsa limawafikira onse m'mawa umodzi.

Izi si zachilendo kwa akatswiri. Mu 1963, zaka 31 RiskMetrics isanatuluke, Benoit Mandelbrot anasanthula mitengo ya thonje ya zaka zambiri n'kuonetsa kuti kulumpha kwakukulu kumachitika kawirikawiri kuposa mmene belu limalolera, ndiponso kuti masiku ovuta amabwera mogundizana, lalikulu kutsatana ndi lalikulu. Chithunzi chenicheni cha mitengo n'chosongoka pakati, chifukwa masiku abata ndi ambiri kuposa mmene belu limanenera, koma mchira wake ndi wonenepa.

Ija 0.3 nayonso ndi ya nyengo yabata. Anthu akafuna ndalama m'manja amagulitsa chilichonse chogulitsika, ndipo pakati pa Malichi 2020 mabondi a makampani anagwa pamodzi ndi masheya. Kuyendera limodzi kukafika pa 1, sigima ya thumba lathu imabwerera pa $80,000, VaR n'kukhala $186,400. Mphoto ija ya kumwaza chuma imasowa tsiku lomwe mukuifuna.

Wodziwa ntchitoyi akhoza kunditsutsa pano, ndipo ali ndi mfundo. Adzati palibe woyang'anira wanzeru amene pofika pa 16 Malichi anali akugwiritsabe ntchito sigima ya 1 peresenti. Njira ya RiskMetrics imapatsa mphamvu zambiri masiku aposachedwa: kuwerengera kwa lero kumatenga magawo 94 pa 100 kuchokera ku kwa dzulo, ndi magawo 6 kuchokera ku zimene zangochitika kumene. Sabata ya mavuto ikadutsa, sigima imakhala itakwera kangapo, ndipo kugwa kwa 12 peresenti sikuonekanso ngati masigima 10. Zimenezi n'zoona. Koma zikutanthauza kuti nambalayi imakwera nkhonya yoyamba itakupezani kale. Ndipo pali mtundu wina wa ngozi umene ngakhale kukonza kotereku sikuuona n'pang'ono pomwe.

Mu Seputembala 2011 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inalengeza kuti siilola yuro imodzi kugulidwa pansi pa mafaranki 1.20. Ndalama yawo inkakwera mphamvu kwambiri moti katundu wawo ankadula kunja, choncho bankiyo inalonjeza kugula mayuro ochuluka mulimonse pofuna kusunga mzerewo. Kwa zaka zoposa zitatu lonjezo linagwira, ndipo chakumapeto kwa 2014 mtengo unangomatirira pafupi ndi 1.20, osasuntha kwenikweni. Tiyerekeze munthu amene anabwereka mafaranki n'kugula mayuro a $10 miliyoni, ndipo sigima imene kompyuta yake inapeza ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a peresenti. VaR yake ikhala $23,300. Pa pepala la 4:15 malonda amenewa akanaoneka ofatsa kuposa ena onse m'banki.

Lachinayi pa 15 Januwale 2015, nthawi ya 10:30 m'mawa, bankiyo inalengeza kuti yasiya kuteteza mzerewo. M'mphindi zochepa yuro inagwa mpaka cha m'ma 0.85, kenaka m'masiku otsatira inakhazikika pafupi ndi faranki imodzi. Ngakhale titatenga mtengo wokhazikikawo, munthu wathu wataya pafupifupi $1.67 miliyoni, kuchulukitsa VaR yake koposa ka 70. Ambiri anali ataika lamulo m'kompyuta loti mtengo ukatsika pang'ono pansi pa 1.20 agulitse okha, koma panalibe wogula pa mitengo imeneyo, ndipo malamulowo anakakwaniritsidwa pansi kwambiri. Kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa. Ya FXCM ku New York inapezeka kuti makasitomala ake ali nayo ngongole ya pafupifupi $225 miliyoni, ndipo inapulumuka ndi ngongole yadzidzidzi ya $300 miliyoni.

Apa vuto silinali mchira wonenepa wokha. Masiku 250 amene sigima inachokera analibe chizindikiro chilichonse cha ngoziyo, chifukwa bata lake linali lochita kugwiriridwa ndi dzanja la banki yaikulu. Pamene dzanjalo linkalemedwa kwambiri m'pamene mtengo unkaoneka wodekha kwambiri, VaR n'kumatsika.

Amalonda a ku Malawi nkhani imeneyi aidziwa ndi thupi lawo. Kwa miyezi ingapo mu 2023 mtengo wa dola m'mabanki unkasuntha pang'onopang'ono, ndipo amene akanawerengera VaR pa mitengo imeneyo akanapeza kanambala kogonetsa tulo. Mu Novembala chaka chomwecho Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa 44 peresenti. Woitanitsa katundu amene anali ndi ngongole ya $100,000 kunja anagona ali ndi ngongole ya K118 miliyoni, n'kudzuka ili K170 miliyoni. Chenjezo linalipo, koma silinali mu mndandanda wa mitengo ya ku banki. Linali pa mizere ya galimoto kumalo omwetsera mafuta, pa kudikira miyezi kuti banki ikupatse madola, ndi pa mtengo wa anyamata osintha ndalama mumsewu.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti VaR yake ikumunamiza? Njira yoyamba ndi kuwerenga chabe. Tsiku lililonse amalemba VaR ya dzulo pambali pa zimene zatayikadi lero, ndipo pakatha masiku 250 amawerenga kuti mzere wadutsidwa kangati. A ku Basel anaika magawo atatu ngati maloboti a pamsewu. Kudutsa kosapitirira kanayi ndi kobiriwira. Kuyambira kasanu mpaka ka 9 ndi kwachikasu, ndipo banki imauzidwa kusunga ndalama zambiri. Kufika ka 10 ndi kofiira. Banki inkayenera kusunga VaR ya masiku 10 kuchulukitsa katatu, ndipo ikalowa kofiira, kanayi. Kuchulukitsa katatu kumeneko kumandiuza kuti olemba malamulowo nawonso sankaikhulupirira nambalayi ili yokhayokha.

Kuwerenga kokha sikukwanira. Woyang'anira wochenjera amaonanso ngati masiku odutsawo amwazikana m'chaka kapena aunjikana m'sabata imodzi, ndiponso kuti anadutsa ndi zingati. Kudutsa katatu ndi $10,000 n'kosiyana kutali ndi kudutsa katatu ndi theka la miliyoni, ngakhale maloboti aja aonetsa kobiriwira pa zonse ziwiri. Ndipo chaka chopanda kudutsa n'kamodzi komwe chisamusangalatse msanga. Wa mafaranki uja anali kobiriwira mpaka m'mawa wa pa 15 Januwale.

Pali njira zochepetsera vutoli. Ena amasiya belu n'kutenga masiku enieni 500 apitawo, kuwayesa pa thumba la lero, kuwandandalika kuyambira loipitsitsa, n'kutenga lachisanu ngati VaR. Mchira wonenepa umalowamo, koma pokhapokha ngati tsiku loipa lili m'kati mwa masiku 500 amenewo. Likangotuluka pa mndandanda, nambala imatsika ngati kuti dziko lasintha. Mu Januwale 2016 komiti ya ku Basel inasankha muyeso wina, wolembedwa ES, umene umafunsa avereji ya zotayika pa masiku oipitsitsa awiri ndi theka pa 100 alionse, ndipo inati uziwerengedwa pa mitengo ya nyengo ya mavuto. Funso limeneli ndi labwino kuposa loyamba lija, chifukwa limasuzumira kuseri kwa mzere. Koma mukaliyankha ndi belu lomwe lija mupeza masigima 2.34, pomwe VaR inali 2.33. Pa thumba lathu kusiyana kwake sikufika $1,000.

Chimene ine ndimachidalira kwambiri n'chosavuta kuposa zonsezi, ndipo sichifuna mwayi uliwonse. Woyang'anira amatenga thumba la lero n'kuliika dala m'masiku odziwika: pa 19 Okutobala 1987, pa 15 Januwale 2015, pa 16 Malichi 2020, ndi tsiku lina longopeka limene mtengo wogwiriridwa ndi boma wamasulidwa. Pa thumba lathu la $10 miliyoni, pansi pa $160,000 paja pamalembedwa $720,000 ndi $1,230,000. Akatero amafunsa ngati thumbalo lingalipire penshoni za mwezi umenewo popanda kugulitsa masheya pa mtengo wakugwa, ndiponso ngati pali wobwereketsa amene angaimbe foni tsikulo kufuna chikole.